Matikiti 400 mu holo ya mipando 300? Ayi ndithu

"Kwaya yathu ikukonza konsati ya Khirisimasi mu holo ya mipando 300. Anzanga akuti tisindikize matikiti 400 poti ena amagula koma osabwera. Titero? Nanga mu uthenga woitanira anthu tilembemo chiyani? Ndine mlembi, ndithandizeni."

Amayi, musayerekeze. Amene akukuuzani za 400 aja tsikulo simudzawaona pakhomo, adzakhala atavala yunifolomu akuyimba kutsogolo, inu ndi amene mudzatukwanidwe. Zoti ena amagula koma osabwera zimachitika miyezi ina, osati mu Disembala. Nthawi imeneyi sukulu zatsekera, ambiri ali pa tchuthi, m'nyumba mwadzaza alendo. Wogula tikiti imodzi amabwera, ndipo amabwera ndi ana awiri ndi mlamu wake yemwe akuti agula pakhomo.

Ndipo ngakhale 300 yomweyo si yanu yonse. Pitani ku holoko masana, muwerenge mipando ndi maso anu, chifukwa eni maholo amawerengera ndi yothyoka yomwe. Tinene kuti yakwanadi 300. Oyimba anu ngati alipo 40, akatsika pa nsanja kupatsa mpata oyimba ena amafuna pokhala, ndiye chotsani 40. Alendo oitanidwa mwaulemu ndi akunyumba kwawo, chotsani 12. Tebulo la wosakaniza mawu limakhala pakati kapena kumbuyo kwa holo, limadya mipando 4, ndipo malo a anthu oyenda pa njinga za olumala adyanso ina 4. Zatsala 240. Imeneyo ndiyo nambala yopita nayo kwa osindikiza, osawonjezera ngakhale imodzi. Tinjira ta pakati ndi zitseko zothawira pangozi si malo oika mabenchi owonjezera. Holo ikadzaza mpaka m'tinjira, magetsi n'kuthima, anthu amapondana.

Zikalakwika zimayenda chonchi. Matikiti 400 agawidwa kwa mamembala popanda kulemba kuti watenga ndani. Ena akulandira ndalama pafoni, wogula n'kumuuza kuti "mudzangoonetsa uthengawo pakhomo". Tsiku lafika, pakhomo aikanso tebulo logulitsa. Zitseko zatsegulidwa, oyamba kulowa ndi ogula pakhomo chifukwa iwo amalawirira poopa kusowa malo. Amene anagula kale sabata ziwiri zapitazo mtima uli m'malo, akubwera pang'onopang'ono. Kwatsala mphindi 20 kuti nyimbo ziyambe, mipando yatha, panja pali anthu 60 atanyamula matikiti enieni m'manja. Pali agogo ogwira ndodo, adzukulu atatu atawavekera zovala zatsopano, tikiti yawo ili ndi chidindo chanu chomwe. Pali mnyamata akuonetsa chithunzi cha uthenga wolipira, koma chithunzi chomwecho chaonetsedwa kale ndi anthu awiri omwe ali m'kati, anangotumizirana. Wapakhomo akufufuza m'foni ya msungichuma, foniyo batire ikutha. Anthu ayamba kukankha chitseko, wina akujambula kuti akaike pa intaneti. Mukuti tingowabwezera ndalama, m'bokosi mulibe, chifukwa ndalama zambiri zikadali m'matumba mwa ogulitsa. Kuseri nako woyimba woitanidwa wakhala phee m'galimoto, akuti sakwera pa nsanja asanalandire zotsala zake.

Anthu amene amandinyansa pa nkhani imeneyi ndi ogulitsa a mtundu uwu: watenga kabuku, wagulitsa matikiti onse, ndalama wagulira zake za Khirisimasi, ndiye mukamufunsa akuti "anthu anatenga pangongole, apereka mwezi ukatha". Mwezi wake uti? Holo ikufuna ndalama lero. Pali winanso amene sagulitsa n'komwe, kabuku kali m'chikwama masabata atatu, foni sayankha, ndipo amakabweza tsiku la konsati kali kathunthu pamene inu munabweza anthu ofuna kugula powauza kuti matikiti atha. Awiri onsewa pa msonkhano wounikira amakhala oyamba kunena kuti mlembi sanakonze bwino. Zimapweteka kwabasi.

Mankhwala ake ndi nambala ndi kaundula mmodzi. Tikiti iliyonse ikhale ndi nambala, kuyambira 001 mpaka 240, yolembedwa mbali ziwiri: pa gawo lopita ndi wogula ndi pa kachidutswa kotsala m'kabuku. Uzani osindikiza aboole timabowo pakati kuti izing'ambika mowongoka, ndipo amange timabuku ta matikiti 10, tikhala 24. Musalole ta 50, munthu mmodzi akasowa nako mwataya mipando yambiri nthawi imodzi. Kumbuyo kwa tikiti iliyonse dindani chidindo cha inki ya mtundu, msungichuma asainire ndi cholembera. Tikiti yakuda ndi yoyera yokha aliyense akhoza kuijambula pa makina a fotokope, koma inki yeniyeni ndi siginecha zimaoneka kusiyana ukaziyang'ana pafupi.

M'kaundula lembani dzina la wotenga, manambala a kabuku kake, tsiku, ndipo asainire. Kabuku kachiwiri atenge pokhapokha wabweretsa ndalama za koyamba pamodzi ndi tizidutswa take. Wolipira pafoni alipire ku nambala imodzi yokha, ya msungichuma, ndipo ndalama zikangolowa apatsidwe nambala ya tikiti kuchokera m'timabuku tosungira anthu otere. Tikiti yakeyo ing'ambidwe, iikidwe mu envulopu yolembedwa dzina lake, akaitenge pakhomo. Chithunzi cha uthenga si tikiti, zimenezi muzilembe poyera. Masiku atatu konsati isanachitike tsekani zogulitsa za mamembala, timabuku tonse tibwere, togulitsidwa ndi tosagulitsidwa. Apo ndi pamene mumadziwa zoona. Mwachitsanzo mwapeza kuti agulidwa 195, ndiye kuti pakhomo mugulitsa 45 basi, akatha tebulo litsekedwe ngakhale wina alire.

Werengeraninso ndalama zotuluka m'matikiti, osati m'chiyembekezo. Phatikizani holo, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake, kusindikiza, mayendedwe ndi malipiro a woyimba woitanidwa, mugawe ndi mtengo wa tikiti imodzi. Yankho likakhala 150, muli bwino, matikiti 90 otsalawo ndi phindu. Likakhala 230 mwa 240, musathamangire kuwonjezera matikiti, kwezani mtengo kapena chepetsani ndalama zotuluka. Anthu akachuluka zedi, imbani kawiri tsiku lomwelo, masana ndi madzulo, matikiti a mitundu iwiri yosiyana, pakati pakhale ola lathunthu lotulutsa anthu ndi kukonza mipando.

Tsopano uthenga woitanira. Vuto la ambiri ndi kudzaza mawu okometsera, "konsati yoti simunaionepo", koma zofunika osalemba. Munthu akufuna adziwe tsiku, malo, nthawi, mtengo, kogula, ndi chimene akachipeze akafika. Tsiku lembani dzina lake ndi deti lomwe, ndipo muyang'ane pa kalendala kawiri, chifukwa posita yonena Loweruka pamene detilo ndi Lamlungu imagawa anthu pawiri. Nthawi zikhale zitatu: yotsegula zitseko, yoyamba, yomaliza. Yomalizayo ndi imene makolo ndi okwera magalimoto a anthu onse amaifuna kwambiri, koma ndi imene imaiwalika. Mukhoza kulemba motere, m'malo mwa "yakuti" muikemo zanu:

Kwaya yakuti ikukuitanani ku konsati ya nyimbo za Khirisimasi Loweruka pa 20 Disembala mu holo yakuti. Zitseko zidzatsegulidwa 2 koloko masana, nyimbo zidzayamba 3 koloko, tidzamaliza isanakwane 5 koloko. Mudzamva nyimbo 16 m'zigawo ziwiri, kwaya ya ana idzayimba 3 mwa zimenezi, ndipo kumapeto tidzayimba tonse pamodzi nyimbo zodziwika. Pakati tidzapuma mphindi 15. Mipando ndi 240 yokha, aliyense adzakhala pansi, wofika msanga adzasankha pokhala. Mwana wofuna mpando wake akhale ndi tikiti, wakhanda wapamiyendo alowa ulere. Matikiti akupezeka kwa akuti mpaka Lachitatu pa 17, pakhomo mtengo udzakwera ndipo adzakhala ochepa. Olipira pafoni alandire nambala ya tikiti, chithunzi cha uthenga sichidzalandiridwa.

Onani kuti zonse zili m'menemo ndi malonjezo oti mungathe kuwasunga. Nyimbo 16 zija ndaziwerengera: nyimbo imodzi ndi mphindi 4, kuwonjezapo 1 yokwera, kutsika ndi kuwomba m'manja, zikukwana mphindi 80. Kupuma 15, pemphero ndi malonje 10, zonse 105, mwatsala ndi mphindi 15 zokha isanakwane 5 koloko. Ndiye wolengeza pulogalamu amene amakonda nthabwala ndi mlendo wolemekezeka amene akagwira maikolofoni saitula muwauziretu mphindi zawo. Dzina la woyimba woitanidwa musaliike pa posita asanavomere molemba ndi kulandira ndalama yoyamba, chifukwa mu Disembala oyimba amaitanidwa malo angapo tsiku limodzi, ndipo amene anagula tikiti chifukwa cha dzinalo adzafuna ndalama zake. Ngati konsati ikusonkhetsa ndalama za ntchito inayake, itchuleni ntchitoyo mwachindunji. Ngati pali mipando yapadera ya kutsogolo, nenani kuti ndi mizere ingati ndipo muimange ndi chingwe, apo ayi wolipira zambiri adzapeza pakhala kale ena.

Za pakhomo musazipeputse. Kuona tikiti ndi kuing'amba kumatenga masekondi ngati 10, anthu 240 pa mzere umodzi ndi mphindi 40, n'chifukwa chake zitseko zitsegulidwe ola lathunthu nyimbo zisanayambe. Ikani mizere iwiri ya okhala ndi matikiti, ndipo tebulo la maenvulopu ndi logulitsa likhale pambali, kuti wofufuza dzina lake asatsekereze anzake. Maenvulopu asanjidwe motsata zilembo za maina. Wotuluka pa nthawi yopuma adindidwe chidindo padzanja, chifukwa theka la tikiti amapatsirana pawindo. Oima pakhomo asakhale oyimba, ndipo asakhale anthu amanyazi amene mlamu wawo akawamwetulira amangomulowetsa. Msungichuma akhale ndi ndalama zosinthira, ndi zina zapadera zokwana matikiti 10 zobwezera ngati pavuta.

Koma pajatu ndawanena kwambiri mamembala, musawalande timabuku ayi. Matikiti ambiri a konsati ya kwaya amagulidwa chifukwa wogulitsa ndi mbale kapena mnzake wa kuntchito, posita payokha siidzaza holo. Apatseni ndithu, ngakhale uja wovuta uja, kabuku kamodzi, ndipo amene mukumudziwa kuti amalipira mukhoza kumulola asunge matikiti a anthu ake mpaka tsiku lotseka lija. Komanso sungani mipando 10 yopinda m'chipinda cha kuseri osauza aliyense, chifukwa ngakhale muwerenge bwanji, padzafika munthu wamkulu wopanda tikiti amene simungathe kumubweza.