Ngongole za makasitomala muziziwerenga ndi masiku omwe

"Ndili ndi holoselo ya shuga, mafuta ophikira ndi sopo ku Limbe, ndipo magolosale ena amatenga katundu pangongole ya masiku 30. Akauntanti wathu akuti ndikonze lipoti logawa ngongolezi potengera masiku amene zachedwa. Chiwerengero chonse cha ndalama zimene zili kwa anthu ndikuchidziwa kale, ndiye lipotili ndi la chiyaninso, nanga limakonzedwa bwanji?"

Mayi, akauntanti wanuyo wakuuzani zoona. Chiwerengero chonsecho chimabisa zambiri, chifukwa K5 miliyoni imene anthu atenga sabata yatha ndi K5 miliyoni imene yagona kwa anthu kuyambira Janyuwale zimaoneka chimodzimodzi m'buku, pamene inayo mwina simudzaionanso. Lipotili limaika kasitomala aliyense pa mzere wakewake, kenako ndalama zake zimagawidwa m'magulu: zimene tsiku lolipira silinakwane, zochedwa ndi masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90, ndi zopitirira 90. Mukamagwiritsa ntchito QuickBooks, mulipeza pa dzina lakuti A/R Aging Summary, koma ngakhale pa Excel limatheka bwinobwino.

Choyamba kugwirizana ndi akauntanti wanu ndi tsiku loyambira kuwerenga. Ena amawerenga kuchokera tsiku limene invoisi inalembedwa, ena kuchokera tsiku limene munthu amayenera kulipira. Popeza inu mumapereka masiku 30, ine ndingasankhe lachiwirili, chifukwa munthu amene watenga katundu masiku 20 apitawo sanalakwe chilichonse. Njira imene mwasankha ilembedwe pamwamba pa lipotilo, ndipo musamaisinthe mwezi ndi mwezi, apo ayi simungathe kuyerekeza Juni ndi Julayi.

Tiyerekeze kuti pali golosale imodzi, ndipo lipoti tikulikonza pa 30 Juni. Golosaleyi ili ndi mainvoisi atatu. Ya pa 10 Malichi ndi ya K600,000, yoyenera kulipidwa pa 9 Epulo, ndiye yachedwa ndi masiku 82. Ya pa 20 Meyi ndi ya K450,000, yoyenera kulipidwa pa 19 Juni, yachedwa ndi masiku 11. Ya pa 15 Juni ndi ya K300,000, tsiku lake ndi 15 Julayi, choncho sinachedwe. Onani kuti ya Malichi ija ikugwera m'gulu la 61 mpaka 90, koma mukanawerenga kuchokera tsiku lolembedwa, ikanakhala ndi masiku 112 n'kulowa m'gulu lomaliza.

Tsopano pa 25 Juni mwini golosale watumiza K450,000. Apa ndi pamene malipoti ambiri amanamira eni ake. Wolemba mabuku akangochotsa ndalamayi pa invoisi yakale kwambiri, monga ambiri amachitira, lipoti lionetsa K150,000 m'gulu la 61 mpaka 90, K450,000 m'gulu la 1 mpaka 30, ndi K300,000 yosachedwa. Zonse pamodzi K900,000, ndipo kasitomalayu akuoneka ngati munthu amene akuyesetsa kumaliza zakale. Koma taonaninso ndalama yatumizidwayo. Ndi K450,000 yeniyeni, yofanana ndendende ndi invoisi ya Meyi. Munthuyu walipira ya Meyi, ya Malichi waidumpha dala. Mukaika ndalamayo pa invoisi yake yoyenera, lipoti lionetsa K600,000 yonse m'gulu la 61 mpaka 90, ndi K300,000 yosachedwa. Zonse pamodzi ndi K900,000 yomwe ija, koma nkhani yasinthiratu: magawo awiri mwa atatu a ngongole yake atsala masiku 9 okha kuti alowe m'gulu la zopitirira 90.

Munthu akamalipira zatsopano n'kusiya zakale, kawirikawiri vuto silikhala kusowa ndalama. Amakhala ndi dandaulo limene silinakufikeni. Mwina makatoni a mafuta anafika ena atabooka, mwina mtengo wa pa invoisi si umene anagwirizana ndi mnyamata wanu wogulitsa, mwinanso akuti katunduyo sanalandire n'komwe ndipo palibe pepala limene anasainira. Zoterezi sizitha ndi mauthenga okumbutsa a pa WhatsApp. Tengani invoisi ndi pepala losainidwa polandira katundu, mupite mukakhale naye pansi. Ngati akunena zoona kuti zina zinaonongeka, mulembereni chikalata chochotsera gawo limenelo, zotsalazo alipire. Mukachedwa, amene anatsitsa katunduyo amakhala ataiwala kapena atasiya ntchito.

N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti lipotili lizichokera pa invoisi iliyonse payokha, osati pa ndalama yotsala ya kasitomala yense. Pa Excel, ikani dzina la kasitomala mu A, nambala ya invoisi mu B, tsiku lolembedwa mu C, tsiku lolipira mu D, ndalama yotsala mu E, ndipo tsiku la lipoti mulilembe mu H1. Mzere woyamba pansipa, wowerengera masiku amene invoisi yachedwa, upite mu F2 ndipo muukokere pansi, wachiwiriwo umaphatikiza gulu la 61 mpaka 90 la kasitomala amene dzina lake lili mu J2:

```
=$H$1-D2
=SUMIFS(E:E,A:A,J2,F:F,">60",F:F,"<=90")
```

Magulu enawo mungosintha manambala. Mu H1 lembani tsiku ndi manja, musaikemo `TODAY()`, chifukwa mukadzatsegula fayiloyo mu Ogasiti masiku onse adzakhala atasuntha, ndipo silidzakhalanso lipoti la pa 30 Juni.

Musanakhulupirire zimene zatuluka, phatikizani magulu onse muone ngati zikufanana ndi chiwerengero chonse chimene mwati mukuchidziwa kale chija. Zikasiyana, pali invoisi kapena lisiti imene yalowa mbali imodzi yokha. Yang'ananinso ndalama zimene zinalowa koma sizinaikidwe pa invoisi iliyonse. Kuno kwathu izi zimachuluka, poti munthu amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba pogwiritsa ntchito nambala ya mkazi wake kapena ya mnyamata wa m'sitolo, osatchula n'komwe kuti akulipira chiyani. Ndalamayo imakhala pambali, invoisi n'kumakalamba pa lipoti, inu n'kuimbira foni mwaukali munthu amene analipira kalekale. Kasitomala wabwino amathawa ndi zimenezi. Auzeni onse kuti akatumiza ndalama azitchula nambala ya invoisi. Mukaonanso tindalama ting'onoting'ono tatsalira pa mainvoisi a makampani kapena mabungwe, funsani kaye, chifukwa mwina ndi msonkho umene anadula polipira kuti akapereke ku MRA. Pamenepo chofunika kulondola ndi satifiketi ya msonkhowo, osati ndalama.

Lipoti likayera, liwerengeni kuyambira kumanja, kumene kuli zakale. Aliyense amene ali ndi ndalama zopitirira masiku 60 asatengenso katundu pangongole kufikira mutamvana za kalipiridwe, ndipo wa kunkhokwe adziwe zimenezi, chifukwa nthawi zambiri mwini bizinesi amakhala akulondola ngongole pamene galimoto yake ikukatsitsa katundu wina pakhomo pomwepo. Ndikudziwa kuti n'kovuta kukaniza munthu amene mwagulitsana naye zaka zambiri, koma kumbukirani Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene anali ndi ngongole zakale kwa anthu anadzalandira ndalama zimene sizikanagulanso katundu wofanana ndi amene anapereka.

Sungani lipoti la mwezi uliwonse ndipo muziliika pambali pa la mwezi wapitawo. Mukaona K600,000 ija inali m'gulu la 31 mpaka 60 kumapeto a Meyi, yasamukira ku 61 mpaka 90 kumapeto a Juni osachepako ngakhale tambala, golosale imeneyo ndiyo yoyamba kuyendera Lolemba likudzali.