Zomwe mapaketi 120 a LA anandiphunzitsa

"Achemwali, ndamva kuti mukusiya ntchito yowerengera ndalama kuti mukaphunzire digiri yachiwiri ya za umoyo wa anthu. Inenso ndine akawuntanti. Kodi zaka zonse zija sizipita pachabe, poti sindinu namwino kapena dokotala?"

Zikomo achimwene. Ndikuuzeni zomwe ndinakumana nazo pachipatala china chaching'ono kufupi ndi nyanja ya Chilwa, komwe bungwe lomwe ndimagwirako ntchito linandituma kukaona mabuku.

Mwezi umenewo kaundula amaonetsa kuti anthu 400 anapezeka ndi malungo. Koma khadi la kosungira mankhwala limati patuluka mapaketi 520 a LA. Ine mumtima ndinali nditagamula kale kuti mapaketi 120 abedwa. Mwamwayi ndinayamba ndafunsa mayi amene amapereka mankhwalawo. Anatsegula kabati n'kundiyalira timapaketi patebulo. LA amaperekedwa potengera kulemera kwa wodwala: mwana wamng'ono amalandira mapiritsi 6, munthu wamkulu 24, ndipo pakatipa pali a 12 ndi a 18. A akuluakulu anali atatha pakati pa mwezi. Ndiye mayiwa, posafuna kubweza odwala chimanjamanja, amapatsa wamkulu aliyense timapaketi tinayi ta ana. Akuluakulu otero analipo 40, omwe anatenga timapaketi 160. Mukaphatikiza ndi 360 a odwala ena onse, ndi 520 ndendende.

Palibe chinabedwa, koma vuto linalipo. Chipatala chimaitanitsa mankhwala potengera omwe agwiritsidwa ntchito miyezi yapitayo. Khadi likaonetsa kuti a ana akutuluka kwambiri pomwe a akuluakulu sakuyenda, mudzaitanitsa molakwika, ndipo a akuluakulu adzathanso msanga, makamaka m'dzinja pomwe malungo amachuluka. Chofunika n'kulemba masiku omwe mankhwala kunalibe. Ngati mwapereka mapaketi 100 m'masiku 20 kenako n'kutha, ndiye kuti mwezi wa masiku 30 umafuna pafupifupi 150, osati 100.

Masamu amenewa ndimawatha, ndipo inunso mumawatha. Kulondoloza chomwe chalowa ndi chomwe chatuluka ndi ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku. Chomwe ndinalibe n'kudziwa matendawo: momwe amafalikira, nyengo yake, ndi momwe mungadziwire ngati odwala achulukadi kapena kwangobwera zipangizo zoyezera magazi. Ndikanalemba lipoti tsiku lomwelo, mayi wosalakwa akanaitanidwa kuti akayankhe mlandu. Zimenezi zimandipwetekabe.

N'chifukwa chake ndikukonzekera kukaphunzira ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre. Digiriyi siisandutsa munthu dokotala, ndipo ine sindidzabaya munthu jakisoni. Mbali yomwe ndikufuna ndi ya chuma ndi kayendetsedwe ka zipatala. Madzulo ndikaweruka ndikumawerenga za kafalidwe ka matenda, chifukwa kumeneko n'komwe ndatsalira.