Lupu ikusiya mayi wa pa mzere womaliza

"Abale, ndili ndi fayilo ya Excel ya gulu lathu la banki mkhonde. Tilipo anthu 48, ndipo mzere woyamba ndi wa mitu. Ndalemba kapulogalamu ka Python kophatikiza masheya, koma ndalama zikuperewera ndi K15,000 poyerekeza ndi SUM ya mu Excel. Nditatulutsa mayina ndaona kuti mayi wa pa mzere womaliza sakuoneka. Ndalakwitsa pati?"

```python
total = 0
for r in range(2, ws.max_row):
    total += ws.cell(row=r, column=3).value
```

Achemwali, fayilo yanu ilibe mlandu, ndipo openpyxl, laibulale imene mukuwerengera fayiloyo, ikugwira ntchito yake bwinobwino. Vuto lili pa range. Mu Python, range imayambira pa nambala yoyamba imene mwaipatsa, koma imaima isanaponde pa yachiwiri. Mukalemba range(2, 5) mupeza 2, 3 ndi 4 basi. Nambala 5 ndi khoma loimirapo, simzere woti uwerengedwe.

Tsono tiwerenge ndi fayilo yanuyo. Mitu yatenga mzere 1, ndiye anthu anu ali kuyambira mzere 2 mpaka mzere 49. Apa ws.max_row ikupereka 49, chifukwa imanena nambala ya mzere womaliza monga mmene Excel imaulembera kumanzere kwa sikirini, kuwerenga kuyambira pa 1. Lupu yanu ikuyenda kuchokera 2 kufika 48, maulendo 47, ndipo mayi wa pa 49 akutsala panja ndi K15,000 yawo. Konzani motere:

```python
for r in range(2, ws.max_row + 1):
```

Kuti musamachite kuloweza, gwirani kawerengedwe aka. Chiwerengero cha nambala zotuluka mu range(a, b) ndi b kuchotsa a. Koma mizere kuyambira 2 mpaka 49, yonse iwiri ya kumapeto muli momwemo, ndi 49 kuchotsa 2 kuphatikiza 1, yomwe ndi 48. N'chimodzimodzi pomanga mpanda: wa mamita 10, mukamazika mtengo pa mita iliyonse, umadya mitengo 11 osati 10, chifukwa mtengo woyamba umaima pomwe simunayeze kalikonse. Amene amadula mitengo 10 amabwerera kutchire.

Ndikukayikira kuti khodiyi munaitengera pa chitsanzo cha xlrd, laibulale ina yowerengera mafayilo akale a .xls. Kumeneko mizere imawerengedwa kuyambira pa 0, ndiye range(1, sheet.nrows) imakhala yolondola ndithu: imadumpha mitu n'kufika mpaka pansi. Munthu akasamukira ku openpyxl amakumbukira kusintha 1 kukhala 2, koma mbali inayo amaiwala. Amene anazolowera VBA, chilankhulo cholembera mapulogalamu m'kati mwa Excel, nawonso amagwa m'dzenje lomweli, poti For i = 2 To 49 imafika pa 49 penipeni.

Komabe ine sindikukulangizani kuti muthere pa +1. Zigwira lero, koma mawa mulemba lupu ina n'kuiwalanso. Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi kusiya kuwerenga mizere ndi dzanja, laibulale iziyenda yokha:

```python
total = 0
count = 0
for row in ws.iter_rows(min_row=2, values_only=True):
    if row[0] is None:
        continue
    total += row[2]
    count += 1
print(count, total)
```

Apa palibe nambala yomaliza yoti muilakwitse. Chenjerani ndi chinthu chimodzi chokha: row ndi ndandanda ya Python, ndiye imayamba pa 0. Kolamu C, imene munkaitchula column=3, tsopano ndi row[2]. Mukalemba row[3] mukhala mukuphatikiza kolamu D, mwathawa vuto la mizere n'kugwa m'vuto lomwelo cham'mbali.

Mzere wa if uja musauchotse, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna mumve bwino. ws.max_row simanena mzere womaliza wokhala ndi munthu. Imanena mzere womaliza umene fayilo ikuukumbukira. Wina akalemba dzina pa mzere 50 kenako n'kufufuta ndi batani la Delete, koma selo n'kutsala ndi mtundu kapena malire, mzerewo ukhoza kuwerengedwabe, max_row n'kukhala 50. Zikatero khodi yanu yolakwika ija imapereka yankho lolondola mwangozi, chifukwa mzere umene ikusiya ndi wopanda kanthu. Pomwe yokonzedwa ndi +1 imafika pa selo yopanda kanthu, n'kupeza None, n'kugwa ndi TypeError. Munthu amayamba kuganiza kuti +1 ndiye waononga zinthu, n'kumuchotsa.

Zinandichitikirapo pa ntchito ina, pa ndandanda ya malipiro a aganyu. Lupu yanga inali ndi vuto lanuli kwa miyezi ingapo osadziwika, chifukwa fayilo imene ankanditumizira inali ndi mzere wopakidwa mtundu pansi pake. Mwezi wina kalaliki anayamba fayilo yatsopano yoyera bwino, ndipo bambo wa dzina lomaliza pa alifabeti sanatuluke pa ndandanda yolipira. Anabwera okha ku ofesi kudzafunsa. Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale. Ngati mukufuna kuona pamene Excel ikuganiza kuti fayilo yathera, dinani Ctrl+End. Ikakuponyani pansi kupitirira munthu womaliza, sankhani mizere yonseyo, muichotse yathunthu osati kungofufuta za m'kati, kenako sungani fayilo.

China choti muyang'ane musanasangalale ndi pamene munaika SUM yanu ija. Ngati ili pambali kapena pa tsamba lina, palibe nkhani. Koma tsiku lina mlembi wa gulu akadzaiika pansi pa kolamu C, ndi mawu oti TOTAL mu kolamu A, lupu yokonzedwayi idzaitenga ngati membala wa nambala 49. Mukatsegula fayilo ndi data_only=True, ndalama zidzatuluka zowirikiza kawiri. Mukatsegula popanda zimenezo, selo idzabwera ngati mawu a fomula ndipo pulogalamu idzagwa, zomwe n'zabwinoko chifukwa mudziwa msanga. Musakonze zimenezi pochotsa mzere umodzi kumapeto, ayi. Uzani lupu kuti ikapeza TOTAL mu row[0] idumphe.

Poyesa, musayambe ndi fayilo ya anthu 48. Pangani kafayilo ka mizere iwiri, mitu ndi munthu mmodzi wa K1,000. Khodi yanu yakale idzakhala range(2, 2), yomwe ilibe nambala ngakhale imodzi, ndipo total idzatuluka 0. Cholakwika chimene chimabisala m'khamu chimaonekera poyera munthu akakhala yekha. Yatsopanoyo ipereke 1 ndi 1000. Ikatero bwererani ku fayilo yeniyeni, muone kuti count yanena 48, ndipo muyerekeze ndi fomula iyi mu selo ina yapambali:

```
=COUNTA(A2:A500)
```

Kuyerekeza ndalama zokha sikokwanira. Mwachita mwayi kuti mayi aja anali ndi K15,000. Akanakhala kuti mwezi uno sanaponye sheya ndipo pali 0, SUM ndi lupu zikanagwirizana, inu osadziwa kuti munthu akusowa. N'chifukwa chake ndaika count m'khodimo, muzionetsa chiwerengero cha anthu nthawi zonse pamodzi ndi ndalama.

Pomaliza, ngati kapulogalamuka kanagwirapo kale ntchito miyezi yapitayi, tsegulani malipoti akalewo muone amene anali pansi mwezi uliwonse. Ngati mumasanja mayina mosinthasintha, wosiyidwayo sanali munthu mmodzi, ndipo ndi bwino mupeze nokha nthawi yogawana ndalama isanakwane.