Kuchotsa tebulo ndi zala pa chithunzi cha kalata

"Mwanangu, ndajambula kalata ya abwana akale ija kuti nditumize ku Randburg komwe akufuna wantchito, koma tebulo ndi zala zanga zikuoneka. Ndikati ndidule, mawu ena akuchoka. Nditani?"

Azakhali, chithunzicho ndachiona. Vuto ndi lakuti foni munaigwira mopendeketsa, ndiye pepalalo latuluka lotambalala kumunsi, kumtunda lopanikizika. Kadulidwe ka masiku onse kaja kamangodula mowongoka, kulibe kukhota. N'chifukwa chake mukathamangitsa tebulo kumtunda, kumunsi mukudya mawu.

Ndiye tere, ikani pa foni pulogalamu ya Adobe Scan, ndi yaulere. Mukatsegula, dinani kachizindikiro ka zithunzi pansipo, musankhe kalatayo, kenako dinani Crop. Muona timadontho m'makona anayi. Kokani kalikonse pakokha mpaka kakhale ndendende pa kona ya pepala, osati ya chithunzi. Chitani mofatsa, eti, ntchito yonse ili pomwepo. Mukamaliza, foniyo ikoka mbali yopanikizika ija kuti ifanane ndi inzake, pepala n'kukhala ngati mwalijambula muli pamwamba pake penipeni. Ine ndimalowetsa timadonthoto mkati pang'ono chabe, kuti kamzere ka nsalu ya pa tebulo kasatsalire m'mphepete.

Kuti mudziwe ngati zatheka, yang'anani chidindo chozungulira chili kumunsi chija. Chikaoneka ngati dzira, kona ina mwaiphonya, bwererani. Mizere ya mawu nayo iyende mowongoka, isamatsetsereke.

Koma za zalazo ndikuuzeni zoona. Ziwiri zakumanzere zichoka, poti zangokhudza m'mphepete mopanda mawu. Chala chachikulu chija ayi, chakhala pa deti. Kudula sikungabweze zomwe kamera sinaone, ndipo mukalowetsa kona kuti chichoke, deti ipita nacho limodzi. Kalata yopanda deti anthu aja akhoza kuikayikira, ndipo ine sindikufuna mwayi umenewu ukupulumukeni chifukwa cha chala.

Ndiye bola mungojambulanso. Ndaona kuti munaigwira chifukwa inali yopindapinda. Iikeni pansi pa buku lolemera kaye, chifukwa kukoka makona kumawongola pepala logona bwino lokha, mopindika muja mawu amakhalabe okhota. Kenako muiyale pa chinthu chakuda, kaya chitenje chakuda chopanda maluwa. Nsalu yanu yoyera ija imasokoneza foni, siona pomwe pepala lathera. Khalani pafupi ndi windo masana, foni igone molingana ndi pepala, makona onse anayi aoneke ndi kampata pang'ono kuzungulira. Mukapendeketsa kwambiri, mawu akutali aja amachita mbuu akakokedwa.

Pomaliza dinani Save PDF. Potumiza pa WhatsApp musankhe Document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba amachichepetsa, timawu ta pa chidindo osawerengekanso. Muyambe mwanditumizira ine ndione musanaponye ku Randburg.