Khadi la fomula ya bimu: asampushoni iliyonse ikhale pambali pa mzere wake

"Ndikuphunzira uinjiniya ku yunivesite ya Copperbelt, CBU, panopa ndili patchuthi kwathu ku Kapata. Fomula ya kupindika kwa bimu, M/I = σ/y = E/R, ndimaidziwa pamtima, koma m'mayeso akati ndionetse komwe imachokera, ndimathera pa mzere wachiwiri. Makhadi owerengera mayeso ndalemba ambirimbiri. Ndikulakwitsa pati?"

Mphwanga, ndikukayikira kuti makhadi anuwo ali ndi maasampushoni onse ataunjikidwa pamwamba, masamu pansi, monga mmene mabuku ambiri amaikira. Khadi lotero limandiwawa, chifukwa limabisa chinthu chomwe chimakuchotsani pa mzere wina kukufikitsani pa wotsatira. Asampushoni ndiyo chilolezo choti mulembe mzerewo. Lembani mzere pakati pa khadi, kumanzere masamu, kumanja chilolezo chake.

Yambani ndi chojambula: kachidutswa ka bimu kopindika, utali wake pa nyutulo akisisi, pomwe ulusi sutalika kapena kufupika, ndi R dθ, R pokhala rediyasi ya kupindikako, ndipo ulusi womwe uli pa mtunda y kunja kwake ndi (R + y) dθ. Popanda chojambulachi mzere woyamba subwera, ndipo ambiri amamira pomwepa. Kumanzere kukhale izi zokha:

```
1. ε = [(R+y)dθ − R dθ] / R dθ = y/R
2. σ = Eε = Ey/R
3. ∫σ dA = 0  →  ∫y dA = 0
4. M = ∫σ y dA = (E/R)∫y² dA = EI/R
5. M/I = σ/y = E/R
```

Pambali pa mzere 1 lembani kuti bimu inali yowongoka isanasenze katundu, ndiponso kuti nkhope yomwe mwadula imakhalabe yathyathyathya bimu ikapindika. N'chifukwa chake sitireni ε, kutalika komwe ulusi wawonjezera poyerekeza ndi utali wake woyamba, ikukula molingana ndi y. Pa mzere 2, lamulo la Hooke, loti sitiresi σ ndi sitireni kuchulukitsa ndi E, nambala ya kuuma kwa chinthucho: chitsulo kapena thabwa silinapyole polekezera kubwerera mwakale.

Mzere 3 ndi womwe ophunzira amaudumpha, koma ine ndimati ndiwo mtima wa khadi lonse. Palibe mphamvu yokoka kapena yokankha bimu motsata utali wake, choncho masitiresi onse pankhopeyo akaphatikizidwa apereke 0. E ndi imodzi paliponse, pokoka ndi popanikiza pomwe, ndiye E/R ikutuluka kunja kwa chizindikiro cha ∫. Chotsalacho chikunena kuti nyutulo akisisi ikudutsa pa sentiroidi. Mukadumpha mzerewu, pa mzere 4 simungathe kufotokoza kuti y mukumuyeza kuchokera pati, ndipo I wanu ndi wa akisisi iti. Wochonga amaona msanga kuti mwangoloweza.

Pano ndipatuke pang'ono. Konkire ya zitsulo m'kati, ngati ya malintelo, imakana asampushoni ya E imodzi. Konkire imang'ambika mbali yokokedwa, ndipo E ya chitsulo, pafupifupi 200 GPa, imaposa ya konkire kangapo. Nyutulo akisisi imachoka pakati. Munthu amene khadi lake lili ndi chilolezo pambali pa mzere 3 amaloza pomwe fomula yafera, pamene woloweza amangoithira paliponse.

Kuseri kwa khadi

Kuseri ikani funso limodzi la manambala lomwe mwaliwerengera nokha. Tengani thabwa la 50 mm ndi 150 mm, loimitsa chammbali, lokhala pa zipilala ziwiri zotalikirana mamita 3, katundu wa 2 kN pakati penipeni.

```
M = PL/4 = 1.5×10⁶ N·mm
I = 50×150³/12 = 14 062 500 mm⁴
σ = My/I = 1.5×10⁶×75/14 062 500 = 8 N/mm²
```

Ligonekeni chafufumimba, I atsika kufika 1 562 500, y akhala 25, sitiresi ikwera kufika 24. Thabwa lomwelo, katundu yemweyo, sitiresi katatu. Akalipentala okhoma madenga muno m'Chipata amaimitsa matabwa chammbali pa chifukwa chomwechi. Yankho likatuluka ngati 0.008 kapena 8 000, musakayikire fomula, mwasakaniza mamita ndi mamilimita pa M. Lembaninso pakona kuti katundu wa pakatiyu amabweretsa shiya, pamene fomula inatengera kupinda kokhakokha. Imagwirabe bwino pano chifukwa utali wa thabwa ndi ka 20 kuzama kwake. Pa bimu yaifupi yonenepa nkhope ija siikhalanso yathyathyathya, ndipo mzere 1 umagwa.

Poyeserera, phimbani kumanzere ndi pepala, muwerenge zilolezo zokha, mutulutse masamu. Kenako tembenuzani khadi, mulembe zonse papepala loyera kuyambira pa chojambula, mphindi 10 zisanathe. Pomwe mwaima ikani kadontho kofiira, mawa muyambire mzere wa pamwamba pa kadonthoko. Bwerezani pakatha tsiku limodzi, masiku atatu, kenako sabata. Khadi la toshoni, kupotokola, mulilembe likatha ili, poti mizere yake ikuyenda chimodzimodzi: chojambula, Hooke, kenako kuphatikiza mamomenti kuti mufike pa T/J = τ/r = Gθ/L.