Usagule maiki kaye, yamba wasendeza foniyo

Chisomo: Amalume, ndikujambula mawu a sewero lathu la m'kalasi kuchipinda kwanga kuno ku Chikanda, koma akumveka ngati ndili m'bafa. Chipindacho ndi mamita 3 uku ndi uku, foni ndimaika patebulo ine ndili pabedi. Ndigule maiki?

Amalume, uthenga wa mawu:

Eya Chisomo, ndamvera kamene unajambula n'kunditumizira kaja. Ndalama zakozo sunga kaye. Maiki yatsopano ukaiika patebulo pomwepo idzamva chipindacho bwino kuposa foni, ndiye vuto lingokula.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Ukayankhula, mawu ena amapita molunjika pa foni, ena amakagunda khoma, simenti yapansi ndi galasi la zenera, kenako n'kubwerera. Pulasitala ndi simenti sizimeza mawu, zimangowabweza, ndipo m'kachipinda kakang'ono amabwerako msangamsanga moti sumva ngati mawu achiwiri, umangomva kuti mawu ako alowa m'bokosi. Foni ikujambula zonse ziwiri. Ntchito yako ndi kuti olunjikawo achuluke, obwererawo achepe.

Ndiye choyamba ndi mtunda, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Kuchoka pabedi kufika patebulo ndiyesa pali mita imodzi. Ukadula mtundawo pakati, mawu olunjika amakwera ndi madesibelo 6, madesibelowo ndiwo muyeso wa kukwera kwa mawu, pamene phokoso la chipinda limakhala pafupifupi momwe linalili, chifukwa ilo ladzaza paliponse. Tawerenga nane. Kuchoka mita imodzi kufika masentimita 50, kenako 25, kenako 12, wadula katatu. Ndiye kuti mawu ako olunjika akwera ndi madesibelo ngati 18 phokoso la chipinda lili pomwepo, osagula kanthu. Palibe bulangete lomwe lingakupatse zochuluka choncho.

Muyeso wake wosavuta, tambasula dzanja, chala chachikulu pakamwa, chaching'ono chikhudze foni. Pamenepo ndi masentimita 15 kapena kupitirirako pang'ono, pabwino. Ndipo dziwa kuti maiki yaikulu ya foni zambiri ili kumunsi, pafupi ndi potchajira. Kumeneko ndi kumene kuyang'ane kwa iwe. Usaigwire m'manja, zala zimakhwekhwesa, komanso dzanja likatopa limatsika iwe osadziwa, mawu n'kumasintha pakati pa chiganizo. Sanja mabuku, pinda thaulo pamwamba, foni igone pamenepo kumunsi kwake kutatulukira kunja pang'ono.

Koma ukayandikira choncho pabwera vuto lina, mpweya. Chichewa chathuchi chili ndi mpweya wambiri, ph, th, kh. Ika chikhatho patsogolo pa kamwa unene kuti “Mphatso wapita kuphiri”, umva kamphepo kakukuomba. Kamphepoko kakagunda maiki kamamveka kuti bu! bu! ndipo kuchotsa pambuyo n'kovuta. Mankhwala ake si kubwerera m'mbuyo ayi. Isendeze foni kumbali, cha pa tsaya, iziloza pakona pa mlomo, iwe uziyankhula ngati ukulambalala. Mpweya udutsa, mawu alowabe. Zikapitirira, veka sokosi yopyapyala kumunsi kwa foniyo, yochapa bwino chonde.

Tsopano pokhala. Malo awiri uwapewe. Pakona, chifukwa mawu a besi amaunjikana pamenepo, umveka ngati ukung'ung'udza. Ndi pakatikati penipeni, chifukwa m'chipinda chofanana mbali zonse ngati chakocho mawu ochoka kumakoma onse amakumana pomwepo, ena amazimirira, ena amakula. Khala cha pambali, mwina mita imodzi kuchoka kukhoma lakumbuyo kwako, ndipo upendekeke pang'ono, usayang'anizane ndi khoma kapena zenera ndendende. Tebulo nalo limabweza mawu, liyalire chitenje chopinda kapena thaulo.

Mabulangete tsopano. Anthu ambiri amapachika kutsogolo kokha, kumene akuyang'ana, kumbuyo n'kusiya khoma lili mbee. Taganiza, maiki ikuloza kwa iwe, ndiye ikuonanso khoma lomwe lili kumbuyo kwa mutu wako. Mawu amazungulira chipinda, kugunda khomalo, kudutsa paphewa pako n'kulowa. Ngati bulangete lili limodzi, lipite kumbuyo kwako. Lachiwiri kutsogolo, kuseri kwa foni, kuti liwagwire asanayambe ulendo, makamaka poti maiki ya foni imamva mbali zonse. Lachitatu ngati ungabwereke kwa mnzako, kumbali yomwe khoma layandikira.

Kapachikidwe kake nakonso ndi nkhani. Usalimamatize kukhoma lili tambalale. Manga chingwe cha zovala, kuchoka pa mabagala a zenera kukafika pa msomali umene ulipo kale, eni nyumba angakudule dipoziti ukayamba kukhoma yatsopano. Lipachike lopinda pawiri, likhale ndi makwinya ngati katani, ndipo pakati pa bulangete ndi khoma pakhale mpata wolowa chikhatho, masentimita 10 kapena kuposa. Mawu amadutsa m'bulangete, kugunda khoma, kudutsanso pobwerera, ndipo mpatawo umathandiza kuti ligwireko ndi mawu otsikirapo. Sankha lolemera, lija mumafunda mu Juni chiperoni chikatsika kuphiri. Shiti yapabedi kapena chitenje chimodzi n'chopyapyala kwambiri, chimangogwira timawu tapamwamba. Matileyi a mazira aja anyamata amamata m'masitudiyo awo, asiye, mphamvu yake ndi yochepa zedi.

Pali chinthu chimodzi chimene bulangete silitha, besi. Ukamaliza kupachika n'kumva kuti kulira kuja kwatha koma mawu akumveka olemera, otsekeka, dziwa kuti mabulangete adya zapamwamba n'kusiya zapansi. Apo dzutsa matilesi, uwaimike kumbuyo kwako, kapena modutsa pakona. Siponji yokhuthala choncho imafika pamene bulangete silifika. Pansi pasimenti yala mkeka, pamwamba pake zovala kapena bulangete lakale.

Udziwa bwanji kuti zasintha? Khala pomwe uzijambulirapo, uombe m'manja kamodzi mwamphamvu, kenako tchera khutu. Chipinda chosakonza chimasiya kamchira, kakuti trrr, kamene kamachokera ku makoma awiri oyang'anizana akuponyerana mawu. Ukapachika bwino kuomba kuja kumangoti pha! n'kutha. Kamchira kakatsala, suntha bulangete limodzi uombenso, osasuntha zonse nthawi imodzi, sudziwa chathandiza n'chiti. Ukatero jambula chiganizo chimodzi chomwecho kawiri, foni ili patebulo ndi foni ili pafupi, umvere ndi mahedifoni. Sipika ya foni imabisa zambiri.

Poti wayandikira, samala mawu asaphulike. Pa malo amene sewero likufuna ukuwe, bweza mutu m'mbuyo pang'ono. Ngati pulogalamu yako ikuonetsa muyeso, pokweza kwambiri uzifika cha pa madesibelo -12 mpaka -6, usagunde 0 yemwe ndiye pothera muyesowo, chifukwa mawu ong'ambika sakonzeka. Ndipo jambula ndi pulogalamu yojambulira mawu ya m'foni, osati uthenga wa WhatsApp ngati unowu, iwo umafinya mawu. Ika Airplane mode, amayi ako angaimbe uli pakati.

China, usayembekeze kuti mabulangete atseka njinga zakabaza, wailesi ya neba kapena mvula pamalata. Iwo amakonza zam'kati basi. Zakunjazo n'zosankha nthawi, usiku anthu atagona, atambala asanayambe, mvula ikagwa ungodikira. Ukajambula kachiganizo kaja kawiri unditumizire ngati fayilo, ndikuuze ngati matilesi akufunika.