Chifukwa chake Δt ili ndi malire pa manodi amkati

"Anzanga, ndikuwerengera kuzizira kwa chitsulo ndi njira ya ekisipulisiti. α = 1.2×10⁻⁵ m²/s, Δx = 5 mm, Δt = 2 s. Zotsatira zikumangolumphalumpha mpaka kufika mamiliyoni. Buku likuti Fo ≤ 1/2 koma silikunena kumene 1/2 wachokera. Ndalakwitsa pati?"

Pulogalamu yanu mwina ilibe vuto, achimwene. Δt ndiyo yakula, ndipo 1/2 ameneyo mutha kumupeza nokha papepala.

Tengani nodi imodzi yamkati, i, yoimira kachidutswa ka chitsulo kokhuthala Δx. Kutentha kolowa kuchokera kwa anansi ake awiri kuyenera kufanana ndi kumene kachidutswako kasunga. Mu njira imeneyi, mbali ya anansi timaiwerengera ndi madigiri a panopo, a nthawi p:

```
ρc·Δx·(T_i^(p+1) − T_i^p)/Δt
  = k(T_(i−1)^p − T_i^p)/Δx + k(T_(i+1)^p − T_i^p)/Δx
```

Apa ρ ndi kulemera kwa chitsulo pa kiyubiki mita, c ndi kutentha kofunika kuti kilogalamu imodzi ikwere digiri imodzi, ndipo k ndi muyeso wa mmene chitsulo chimadutsitsira kutentha. Gawani mbali zonse ndi ρcΔx/Δt, pokumbukira kuti α = k/(ρc). Mupeza kagulu αΔt/Δx², kamene ndi nambala ya Fourier, Fo. Mukasonkhanitsa zofanana:

```
T_i^(p+1) = Fo(T_(i−1)^p + T_(i+1)^p) + (1 − 2Fo)·T_i^p
```

Nkhani yonse yagona pa mzere umenewu. Madigiri atsopano a nodi ndi msakanizo wa madigiri atatu akale, ndipo magawo ake, Fo, Fo ndi 1 − 2Fo, mukawaphatikiza akupanga 1. Magawo onse akakhala osatsikira pansi pa ziro, chotuluka sichingapose wotentha kwambiri mwa atatuwo, kapena kuzizira kuposa wozizira kwambiri. Koma 1 − 2Fo ikatsikira pansi pa ziro, samuyo ikunena kuti nodi imene yatentha kwambiri panopo ndiyo izizire kwambiri pa sitepe yotsatira, zomwe chitsulo sichichita. Choncho 1 − 2Fo ≥ 0, kutanthauza Fo ≤ 1/2, kapena Δt ≤ Δx²/(2α).

Tiyese ndi manambala anu. Δx² ndi 2.5×10⁻⁵ m², ndiye Δt isapitirire masekondi 1.04. Inu mwaika 2, zomwe zikupereka Fo = 0.96, ndipo 1 − 2Fo ndi −0.92. Tiyerekeze kuti nodi ili pa madigiri 100, anansi ake onse pa 20. Sitepe imodzi ikupereka 0.96 × 40 − 0.92 × 100, omwe ndi −53.6. Nodi yozunguliridwa ndi madigiri 20 yazizira kupitirira ziro! Chachitika n'chakuti kutentha kunayamba kutuluka mwamphamvu chifukwa cha kusiyana kwa madigiri 80, ndipo samuyo yasunga mphamvu yomweyo kwa masekondi awiri athunthu, pamene m'chitsulo chenicheni kusiyanako kukanayamba kuchepa nthawi yomweyo. Nodi yataya zambiri kuposa zomwe ikanatha. Anansi alandira zopyola muyeso, ndipo pa sitepe yotsatira abweza mopyolanso. Mukaika Δt = 1, Fo ndi 0.48 ndipo yankho ndi 23.2, lomwe lili pakati pa 20 ndi 100.

Ine ndimakonda kutsimikiza ndi njira yachiwiri, chifukwa imaonetsa liwiro limene zinthu zimaonongekera. Cholakwika choopsa kwambiri ndi chija chooneka ngati mano a sowo: +ε pa nodi iyi, −ε pa yotsatira, +ε pa inayo. Chilowetseni mu mzere womwe uja ndipo mupeza −2Fo·ε + (1 − 2Fo)ε. Ndiye kuti sitepe iliyonse ikuchichulukitsa ndi 1 − 4Fo. Kuti chisakule, 1 − 4Fo isatsike kupitirira −1, ndipo tabwereranso pa Fo ≤ 1/2. Kwa inu chochulukitsacho ndi −2.84. Pakatha masitepe khumi, cholakwika chakula pafupifupi ka 34,000, uku chikusinthasintha chizindikiro. Mukaona manodi oyandikana akukwera ndi kutsika mosinthana chonchi, dziwani kuti ndi Δt.

Komabe musakhale pamalire penipeni. Pa Fo = 0.48 chochulukitsacho ndi −0.92, choncho mano a sowo amatha ndithu koma mochedwa. Ndikanakhala ine ndikanatenga Δt = 0.5, Fo ikhale 0.24, kulumphalumphako kuthe msanga.

Mukawerengera mbali ziwiri, Δx ndi Δy zili zofanana, nodi ili ndi anansi anayi, gawo lake ndi 1 − 4Fo, malire ndi 1/4. Mbali zitatu, 1/6. Samalaninso mukamachepetsa Δx: mukaidula pakati kufika 2.5 mm, malire a Δt atsika kanayi kufika masekondi 0.26, manodi achuluka kawiri, ntchito ya kompyuta ikula kasanu ndi katatu.

Zonsezi ndi za manodi amkati. Ngati nkhope ya chitsulo chanu ikuziziritsidwa ndi mpweya kapena madzi, nodi yapamwambayo ili ndi lamulo lothina: powerengera mbali imodzi, Fo(1 + Bi) ≤ 1/2, pomwe Bi = hΔx/k ndi nambala ya Biot, ndipo h ndi muyeso wa mmene kutentha kumachokera pachitsulo kupita ku mpweya kapena madziwo. Werengerani onse awiri ndipo mutenge Δt yocheperayo.